Pulogalamu ya maliro: mafunso amene amabwera usiku wa pasiwa

Maliro akagwa m'dera la minda ya tiyi ku Thyolo, kaya ndi ku Makwasa, ku Satemwa, ku Conforzi kapena ku Naming'omba, ntchito zimagawidwa msanga. Adzukulu amadziwa zawo, amayi a kumpingo amadziwa zawo, a kuesiteti amayamba kukambirana ndi abanja za bokosi ndi galimoto. Kenaka wina amatembenukira kwa mwana amene anapitako patsogolo ndi sukulu, nati: "Iwe, utikonzere pulogalamu, mawa ikhale itatuluka." Ntchito imeneyi inandigwerapo pa maliro a amalume anga, amene anali kapitawo wa othyola tiyi mpaka atapuma, ndipo kuyambira pamenepo abale akhala akundiitana pa maliro ena. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kawirikawiri.

Kodi pulogalamu iyenera kukhala ya masamba angati?

Yambani ndi pepala limene lili m'sitolo iliyonse yosindikiza, la A4. Mukalipinda pakati mumapeza masamba anayi a A5: kutsogolo, awiri am'kati, ndi kumbuyo. Chifukwa cha kupindako, kabuku kalikonse kamakhala ndi masamba 4, 8, 12 kapena 16. Masamba 6 kulibe, pokhapokha mutalowetsa kapepala kapadera pakati, kamene kamagwa anthu akangonyamuka kupita kumanda. Ambiri amaganiza kuti kabuku konenepa ndiye ulemu kwa malemu. Ine ndimakana. Kuno maliro ambiri amaikidwa pasanathe masiku awiri kapena atatu, ndipo amene akukonza pulogalamu amakhala ndi usiku umodzi wokha, ali m'chisoni, magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse. Masamba anayi amakwana pa maliro ambiri. Masamba 8 ndi a pamene pali mauthenga a ana, a mpingo ndi a kuntchito amene afika kale m'manja mwanu. Ngati sanafike pofika madzulo a tsiku lomaliza, musawasungire malo. Tsamba loyera pakati pa pulogalamu limaoneka ngati mwaiwala munthu.

Kumbukiraninso kuti si mabanja onse amafuna pulogalamu. Abale athu achisilamu amaika maliro mofulumira ndipo mwambo wawo sudalira kabuku. Funsani kaye eni maliro musanayatse kompyuta.

Nanga masambawo atsatane bwanji?

Pa masamba anayi ndimachita motere. Tsamba loyamba ndi la chithunzi, dzina lonse la malemu, tsiku lobadwa ndi lomwalira, tsiku ndi malo a mwambo, ndi mudzi umene akaikidwe. Tsamba lachiwiri ndi mbiri ya malemu. Lachitatu ndi ndondomeko ya mwambo. Lachinayi ndi la mawu othokoza ndi manambala a nyimbo.

Pali chifukwa chimene ndimaikira mbiri ndi ndondomeko moyang'anana m'kati. Woyendetsa mwambo amagwira pulogalamu ndi dzanja limodzi, lina lili pa chimkuzamawu. Akatsegula kamodzi amaona zonse zimene akufuna, osatembenuzatembenuza masamba mphepo ikuwomba.

Pa masamba 8, chikuto chimakhala chomwecho. Tsamba 2 ndi 3 ndi mbiri, 4 ndi 5 ndi ndondomeko, 6 ndi 7 ndi mauthenga a ofedwa, 8 ndi kuthokoza. Ndondomeko ikhale pa 4 ndi 5 chifukwa ndiwo masamba a pakati penipeni, pamene kabuku kamatseguka kokha. Ena amakonda kuikapo zithunzi zambiri pakatipo. N'zokongola, koma tsiku la maliro anthu amatsegula pulogalamu kuti adziwe chimene chikubwera, zithunzi amakaziona bwino kunyumba.

Ndinasindikiza, koma nditapinda masamba anasokonekera. Chinalakwika n'chiyani?

Ili ndi vuto limene limawononga mapepala ambiri kuposa lina lililonse. Masamba samaikidwa papepala motsatana monga timawerengera. Pa pulogalamu ya masamba anayi, mbali yakunja ya pepala imanyamula tsamba 4 kumanzere ndi tsamba 1 kumanja. Mbali yam'kati imanyamula 2 kumanzere ndi 3 kumanja. Pa ya masamba 8 pamafunika mapepala awiri. Loyamba limanyamula 8 ndi 1 kunja, 2 ndi 7 m'kati. Lachiwiri limanyamula 6 ndi 3 kunja, 4 ndi 5 m'kati.

Pali njira yachidule yodziwira ngati mwakhoza. Phatikizani manambala a masamba awiri amene ali moyandikana papepala. Pa kabuku ka masamba anayi yankho likhale 5 nthawi zonse, pa ka masamba 8 likhale 9. Ngati mukukayikabe, tengani mapepala awiri akale, muwapinde pamodzi, mulembe manambala ndi bolopeni kuyambira 1 mpaka 8, kenaka muwatambasule. Muona ndi maso anu tsamba limene likugona pafupi ndi linzake.

Amene akugwiritsa ntchito Microsoft Word sayenera kuvutika ndi zonsezi. Musanalembe kanthu, pitani apa:

```
Layout > Margins > Custom Margins > Multiple pages: Book fold
```

Mukatero mumalemba masamba motsatana, 1, 2, 3, ndipo Word imawasanja yokha posindikiza. Chitani zimenezi poyambirira, chifukwa mukasintha mutamaliza kale, zithunzi ndi mawu zimabalalika. Posindikiza mbali zonse ziwiri sankhani Flip pages on short edge. Mukasankha long edge, masamba am'kati amatuluka chadodolido. Ndipo musalole kuti makope onse atuluke musanaone limodzi. Sindikizani limodzi, lipindeni, muliwerenge kuyambira pachikuto mpaka kumbuyo. Pa maliro a amalume ndinasiya fulashi m'sitolo ina n'kuthamangira kukagula nkhata, ndipo nditabwerako ndinapeza mulu wonse uli ndi masamba am'kati oyang'ana pansi. Wolakwa ndinali ine amene sindinadikire kope loyamba, ndipo tinalipira kawiri.

Pachikuto tiikepo chithunzi chanji?

Chimene anthu akamachiona anene kuti, "Eya, ndi iwowadi." Banja nthawi zambiri limathamangira chithunzi cha pa chitupa chaunzika, chifukwa ndicho chili pafupi. Chimenecho ndi chaching'ono kwambiri, ndipo chikakulitsidwa nkhope imaphwanyika. Ena amabweretsa cha paukwati cha zaka makumi anayi zapitazo, chimene zidzukulu sizingamuzindikire munthu. Chabwino ndi cha zaka zaposachedwa, malemu asanayambe kudwala. Cha kuchipatala ayi, ngakhale chitakhala chomaliza.

Ogwira ntchito m'minda ya tiyi ambiri alibe chithunzi chimene anajambulitsa ali okha. Zimene zilipo ndi za pagulu: pa chinkhoswe, pa kwaya, pa tsiku lolandira mphatso za kuntchito. Kudula munthu pa chithunzi cha gulu n'kotheka ngati nkhope yake ndi yaikulu mokwanira. Dulani kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, musiye kampata pamwamba pa mutu, ndipo onetsetsani kuti sipanatsale dzanja kapena phewa la munthu wina. Kwathu kuno kuona chiwalo cha munthu wamoyo pachikuto cha pulogalamu ya maliro kumakhumudwitsa mwini wake, ndipo ndi zomveka.

Amalume tinawapeza pa chithunzi chimene anaima m'munda wa tiyi atavala chipewa chawo cha kuntchito. Azakhali anayamba akana, ati chipewacho n'chakale. Koma anzawo a kuesiteti atachiona pachikuto ena anagwetsa misozi, chifukwa ndi mmene ankawaonera m'mawa uliwonse. Munthu amene wathera moyo wake m'munda sachepa poonetsedwa m'mundamo. Chokhacho, banja ndilo lisankhe, osati wokonza.

Chithunzi chinali chooneka bwino pafoni, bwanji papepala chatuluka chakuda ndi chosaoneka?

Zifukwa zimakhala zitatu, ndipo zonse zimapeweka. Choyamba ndi WhatsApp. Chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa, ndipo ngati chadutsa m'mafoni angapo, kapena wina wachijambula pa sikirini, chimakhala chatha. Pemphani amene ali ndi chithunzi choyambirira achitumize ngati Document. Osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse. Kunena kwake, chithunzi cha masentimita 8 m'lifupi ndi 10 m'litali chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 950 ndi 1,200. Ngati chanu ndi chaching'ono kuposa pamenepo, musachikakamize kudzaza tsamba. Chithunzi chaching'ono chooneka bwino chili ndi ulemu kuposa chachikulu chachimbuuzi.

Chachiwiri ndi makina a fotokope. Amawonjezera kuda pamene pali kale pakuda, ndiye nkhope yathu yakuda imasanduka chithunzithunzi chokhala ndi maso awiri oyera. Ngati pulogalamu ituluke yopanda mitundu, sinthani chithunzicho nokha pakompyuta kuti chikhale chakuda ndi choyera, muchiwalitse pang'ono kuposa mmene diso likufunira, kenaka muyese kope limodzi. Ndipo makope onse atuluke kuchokera pakompyuta ngati n'kotheka. Kope lojambulidwa kuchokera pa kope linzake limada kwambiri.

Chachitatu ndi dzanja la wokonza. Pokulitsa chithunzi kokani pangodya, osati m'mbali. Mukakoka m'mbali munthu wowonda amanenepa, nkhope imatambasuka, ndipo achibale amazindikira nthawi yomweyo ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika.

Chithunzi chikhale kumtunda kwa chikuto, dzina m'munsi mwake. Musalembe mawu pamwamba pa nkhope, ndipo musaike chithunzi kumbuyo kwa mawu a mbiri ngati chokongoletsa, chifukwa pa fotokope mawuwo sawerengeka. Nkhope iliyonse ikhale kutali ndi mzere wopinda, pamene pamadutsa sitepulo. Mitambo, nkhunda ndi maluwa ozungulira tsamba lonse zimangodya inki ndi kupikisana ndi nkhope ya malemu.

Mbiri ya malemu ilembedwe bwanji, ndipo italike motani?

Lembani podziwa kuti wina adzaiwerenga mokweza, mwina akulira. Ziganizo zikhale zazifupi, ndime zikhale zinayi kapena zisanu: kubadwa ndi kwawo, sukulu ngati inalipo, ntchito, banja ndi mpingo, kudwala ndi kumwalira. Tsamba limodzi la A5 limanyamula mawu pafupifupi 250 ngati zilembo zili pa saizi 11 kapena 12. Musatsike pansi pa 11. Owerenga ambiri ndi akuluakulu amene ali pansi pa mtengo kapena m'tenti, ndipo mandala anawasiya kunyumba. Ngati mbiri yatalika, dulani mawu, osati kuchepetsa zilembo.

Mawu a Chichewa ndi aatali. Mukawatambasula kuti mizere ithere pamodzi mbali zonse, pa tsamba lopapatiza pamatuluka mipata ikuluikulu pakati pa mawu. Ayambireni kumanzere, kumanja athere pamene athera. Pa chifukwa chomwecho musagawe tsamba la A5 m'mizati iwiri. Siyani malire a mamilimita 12 mpaka 15 m'mbali zonse, chifukwa makina ambiri sasindikiza mpaka m'mphepete ndipo kupinda kwa pamanja sikulunjika ndendende. Zilembo zopindikapindika zokhala ngati zolemba pamanja zisungireni dzina la pachikuto basi, ndipo ngati mukulemba ŵ onani kuti zilembo mwasankhazo zili nayo, chifukwa zina zimaika kabokosi m'malo mwake.

Za m'kati mwa mbiri, chimene ndimalimbikira ndi kutchula zinthu ndi maina ake. "Anagwira ntchito kuesiteti" sizikwana. Esiteti iti, gawo liti, ntchito yanji? Kuthyola tiyi, kufakitale, kunazale, ulonda, ukalaliki woyeza masamba? Anayamba liti, anapuma liti? Izi ana sazidziwa nthawi zambiri, koma anzawo a kuntchito ali pasiwa pomwepo, ndipo ofesi ya esiteti imasunga zaka za antchito ake. Kwawo kwa munthu kulembedwe mmene timanenera: mudzi, mfumu yaikulu, boma. Mabanja ambiri achilhomwe a m'minda ya tiyi makolo awo anachokera ku Mozambique kudzafuna ntchito nthawi ya atsamunda, ndipo ena anachokera ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Chiradzulu. Ngati akuluakulu akukumbukira kumene banja linachokera, lembani. Mwina pepala limenelo ndilo lokhalo limene zidzukulu zidzapezepo nkhaniyo.

Ngati tsiku lobadwa silidziwika, tilembe chiyani?

Lembani chaka chokha. Ngati nachonso n'chokayikitsa, lembani kuti "cha m'ma 1948". Palibe chamanyazi pamenepo. Akuluakulu ambiri anabadwira kumudzi kopanda kalembera, ndipo tsiku limene lili pa chitupa nthawi zina linangoganiziridwa polembetsa. Zimachitika kuti chitupa, kalata ya ubatizo ndi fayilo ya kuntchito zikunena zaka zitatu zosiyana. Musasankhe nokha. Pitani nazo kwa mwinimbumba ndi akuluakulu a banja, agwirizane chimodzi, ndipo chomwecho chilembedwe pachikuto, m'mbiri ndi pamtanda. Chaka chimene chalowa m'pulogalamu ndicho anthu adzakopere pomanga chiliza, ndiye cholakwika cha usiku umodzi chimakhoza kukhala pamwala mpaka kalekale. Mukalemba zaka zimene malemu anakhala ndi moyo, chotserani nokha ndi bolopeni. Ndaonapo chikuto chikunena china, mbiri china.

Kodi tilembe matenda amene anamwalira nawo?

Si lamulo, ndipo si wokonza pulogalamu amene angaganize zimenezo. Mabanja ambiri amangolemba kuti anadwala kwa nthawi yochepa kapena yaitali, anamwalira tsiku lakuti kumalo akuti. Zimenezo n'zokwanira. Pepala limayenda kutali kuposa mawu a pamaliro, ndipo chimene chalembedwa sichibwezeka. Ngati imfa ili ndi mafunso, monga ngozi ya pantchito imene nkhani yake sinathe, musalembe chiweruzo chanu m'pulogalamu.

Ndani alankhule poyamba, ndipo maina tiwalembe?

Apa ndiye pamayambira mikangano yeniyeni, osati pa zilembo. Ndondomeko si ya wokonza. Ili ndi eni ake atatu: banja, mfumu ndi mpingo. Pa maliro a wogwira ntchito kuesiteti pamabwera wachinayi, bwana woimira kampani, ndipo nthawi zina woimira bungwe la antchito. Kawirikawiri zimayenda motere: kuona nkhope, pemphero, mawu a nyakwawa olandira anthu, mbiri, woimira banja, a kuntchito, kulengeza chipepeso, mafumu motsatana ndi ukulu wawo, wamkulu kumapeto, kenaka mwambo umaperekedwa kwa a mpingo, ulendo wa kumanda, kuyala nkhata. Koma mudzi uliwonse ndi mpingo uliwonse zili ndi kachitidwe kake, ndiye lembani papepala, mupite nazo kwa mwinimbumba, kwa nyakwawa ndi kwa mkulu wa mpingo kapena akatekisiti musanasindikize.

Ine ndimalangiza kulemba maudindo m'malo mwa maina pamene simunatsimikize: "Woimira banja la kuchimuna", "Woimira esiteti", "A gulupu". Munthu amasintha usiku, udindo susintha. Ku Thyolo, kumene Alhomwe ndi Amang'anja amatsata kuchikazi, musaiwale kuti mbali zonse ziwiri za banja zimayembekeza kuoneka, ndipo mbumba ndiyo eni maliro. Mndandanda wa oyala nkhata nawonso ufunsidwe, chifukwa kuika munthu patsogolo pa mnzake pamenepo ndi kunena za malo ake m'banja.

Nthawi musazichulukitse. Lembani yoyambira mwambo ndi yonyamukira kumanda. Ngati thupi likuchokera kunyumba ya chisoni ku Thyolo, ku Malamulo kapena ku Blantyre, kapena likunyamuka kunyumba za esiteti kupita kumudzi m'misewu ya dothi nthawi ya mvula, pulogalamu yolemba mphindi iliyonse imakhala yabodza dzuwa lisanafike pamutu.

Mauthenga a ana ndi a akazi kapena amuna a malemu asanjidwe bwanji?

Uliwonse uyambe ndi kamutu kakuda konena amene walemba, monga "Kuchokera kwa ana", ndipo pakati pa uthenga ndi unzake pakhale mpata wa mzere umodzi. Uzani olemba malire poyamba, mawu 60 mpaka 80 aliyense, kuti atatu kapena anayi akwane patsamba. Mukapanda kutero, mwana wa ku Joni amatumiza tsamba lathunthu, wa kumudzi mizere iwiri, ndipo papepala zimaoneka ngati wina ankakonda kwambiri. Konzani kalembedwe ka mawu, koma musasinthe mmene munthu walankhulira. Wina akalemba m'Chilhomwe kapena m'Chingerezi, zisiyeni choncho.

Funso lovuta ndi la malemu amene anasiya ana m'nyumba zingapo. Kulemba maina a ana ena n'kusiya ena ndi chilonda chimene sichipola msanga, chifukwa pulogalamu imasungidwa. Ngati banja silinagwirizane, lembani chiwerengero chimene akuluakulu avomereza, kapena uthenga umodzi wa ana onse wopanda maina. Nkhani imeneyi si yothetsa wachinyamata wa pakompyuta pakati pa usiku.

Samalaninso ndi mawu a chikhulupiriro. Ku Makwasa ndi madera ozungulira Malamulo, mishoni imene Aadiventi anayamba mu 1902, mabanja ambiri ndi a mpingo umenewo, ndipo amaphunzitsa kuti akufa agona kudikira kuuka. Mawu onena kuti malemu ali kale kumwamba, amene ena amangokopera pa pulogalamu yakale, sagwirizana ndi chiphunzitsocho. Kwa Akatolika, kupempherera mzimu wa malemu kuli m'malo mwake. Choncho musatenge fayilo ya maliro ena n'kungosintha dzina. Ndi mmenenso dzina la malemu wina limatsalira pa tsamba lomaliza.

Tilembemo nyimbo zonse?

Ayi, pokhapokha malo atatsala. A CCAP ali ndi Nyimbo za Mulungu, Aadiventi ali ndi Khristu mu Nyimbo, ndipo amayi a Mvano kapena a Dorika amaziimba pamtima. Lembani nambala ya nyimbo ndi dzina la buku, chifukwa nambala imodzi imaloza nyimbo zosiyana m'mabuku osiyana. Mavesi a m'Baibulo chimodzimodzi: buku, mutu ndi ndime, monga alaliki akupatsirani.

Tisindikize makope angati, ndipo pa pepala lotani?

Anthu a pamaliro a kumudzi sangakwane onse, ndipo palibe amene amayembekeza zimenezo. Werengani amene ayenera kulandira: abanja, mafumu, a mpingo, makwaya, a kuntchito, alendo ochokera kutali. Patulani makope khumi musanayambe kugawa, a woyendetsa mwambo, owerenga mbiri, ndi osunga m'nyumba. Otsalawo agawidwe ndi anthu awiri odziwika, osati kusiyidwa pampando. Abale akunja atumizireni PDF pafoni. Wosindikizanso mupatseni PDF, osati fayilo ya Word, chifukwa kompyuta yake ikakhala yopanda zilembo zanu imaika zina ndipo masamba amasuntha.

Pepala wamba la magalamu 80 limakwana pa mawu, koma chithunzi chakuda kwambiri chimaonekera kuseri kwake. Ngati ndalama ilipo, chikuto chikhale pa pepala lolimba la magalamu 160, ndipo njira yochepetsa mtengo ndi kusindikiza mbali yakunja yokha ya mitundu, zam'kati zakuda ndi zoyera. Kabuku ka masamba 8 kamafuna masitepulo awiri pamzere wopinda, ndipo sitepulala wamba safika pakati, ndiye funsani ngati sitoloyo ili ndi wamkono wautali musanasankhe masamba 8.

Ndipo kuno ku Thyolo pali chiperoni. Inki ya makina ambiri ang'onoang'ono a mitundu imasungunuka ikakhudzidwa ndi madzi, pamene ya makina a leza ndi a fotokope, imene ndi ufa wowotchedwera papepala, siisuntha. Funsani mtundu wa makina, kapena nyowetsani chala mupake pa kope loyesera. Likadetsa chala, pitani kwina ngati nthawi ilipo. Ngati palibe, nyamulani makopewo m'jumbo ndipo muwagawire pansi pa tenti.